Nsalu Yokukhala: Kodi Mitsempha ndi Ndolo Zingatiuzedi Mitundu Yoyenera Khungu Lathu?

Aliyense amene anavalapo yunifolomu ya pa chinkhoswe akudziwa zimene zimachitika. Chitenje ndi chimodzi, telala ndi mmodzi, kasokedwe n'kofanana, koma pa tsikulo wina nkhope imachita kuwala, pomwe mnzake amaoneka ngati wangodzuka kumene pa malungo. Timangoti uyu nsalu yamukhala, uyo sinamukhale, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chilipo chimene chimachititsa, ndipo munthu angathe kuchidziwa asanatulutse ndalama pa msika wa Chirimba kapena m'masitolo a nsalu ku Limbe.

Masiku ano pa mafoni pakuyenda malangizo awiri achidule. Oyamba akuti yang'anani mitsempha ya pamkono: ikaoneka yabuluu muzivala mitundu yakutiyakuti, ikaoneka yobiriwira muzivala ina. Achiwiri akuti yesani ndolo zagolide ndi zasiliva muone zimene zikukukhalani. Malangizowa si abodza kotheratu, koma sanapangidwe poyang'ana khungu ngati lathu. Pa khungu la anthu ambiri kuno, mitsempha ndi mboni yofooka, zitsulo ndi mboni yabwinoko, ndipo mboni yeniyeni ndi nsalu yomweyo, itayandikizidwa kunkhope pamalo owala bwino. Tiyeni tione chifukwa chake.

Khungu limasiyana m'njira ziwiri

Tikamafotokoza munthu timati ndi wakuda, woderapo kapena woyera. Kumeneko ndi kuya kwa khungu, ndipo kumasintha: amene amagulitsa malonda padzuwa amada kwambiri mu Okutobala kusiyana ndi mu Juni. Koma palinso chinthu china chimene sitichitchula kawirikawiri. Imikani anthu awiri akuda mofanana pamalo amodzi. Mudzaona kuti khungu la wina likupendekera ku chikasu kapena ku mkuwa, la winayo likupendekera ku kufiira kwakuya kwa maruni, mwinanso ku kabuluu. Kupendekera kumeneku ndiko mtundu wapansi wa khungu, ndipo sikusintha kwenikweni ndi nyengo.

Zinthu zitatu ndizo zimaupanga. Choyamba ndi melanini, utoto umene khungu limadzipangira lokha. Ulipo wa mitundu iwiri: wina wakuda kapena wabulawuni, wina wofiirira mopita ku chikasu, ndipo munthu aliyense ali ndi msakanizo wake. Chachiwiri ndi magazi oyenda m'timitsempha ta pansi pa khungu, amene amawonjezera kufiira. Chachitatu ndi karotini, utoto wachikasu wochokera m'zakudya monga maungu, mango, mapapaya ndi mbatata yaolenji m'kati.

Akatswiri a zovala ndi a zodzoladzola amagawa anthu m'magulu potsatira zimenezi. Khungu lopendekera ku chikasu, golide kapena mkuwa amalitcha lotentha. Lopendekera ku maruni, pinki kapena buluu amalitcha lozizira. Limene silipendekera mbali iliyonse ndi lapakati, ndipo palinso lina lokhala ndi kobiriwira pang'ono. N'chifukwa chake pa mabotolo ambiri a zopaka kunkhope pamalembedwa W, C kapena N. Chofunika kuchigwiritsa apa n'chakuti kuda ndi kutentha si chinthu chimodzi. Munthu wakuda bii angathe kukhala wa khungu lozizira, ndipo woyera angathe kukhala wa lotentha.

Chimene nsalu imachita kunkhope

Nsalu imasintha maonekedwe a nkhope m'njira ziwiri, ndipo njira ziwirizi zimakokana.

Njira yoyamba ili m'maso mwa woyang'ana. Michel Eugène Chevreul, katswiri wa utoto pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris, ankalandira madandaulo akuti ulusi wake wakuda ukutuluka wofooka. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto: ulusiwo unkaoneka wosiyana malinga ndi mtundu umene wayandikana nawo. Mu 1839 anasindikiza buku lofotokoza lamulo lake, lakuti mtundu uliwonse umakankhira mnzake woyandikana nawo ku mbali yotsutsana. Buluu amapangitsa choyandikana naye kuoneka chaolenji. Wobiriwira amachikankhira ku kufiira. Pepo amachikankhira ku chikasu. Olenji amachikankhira ku buluu, ndipo pa khungu lina zimenezi zimaoneka ngati kutuwa. Chimodzimodzinso, nsalu yoyera imadetsa khungu m'maso mwa woona, pomwe yakuda imaliyeretsako.

Njira yachiwiri ndi ya kuwala kwenikweni. Dzuwa likawomba bulauzi, kuwalako kumanjanja n'kukagwera pansi pa chibwano ndi m'masaya, kutanyamula mtundu wa nsaluyo. Bulauzi yobiriwira yowala imapaka kobiriwira pakhosi, yofiira imapaka kofiira.

Ndiye nsalu imodzi ikukankhira nkhope ku mtundu wotsutsana nayo, kwinaku ikuipaka mtundu wake womwe. Imene ipambane pa ziwirizi imadalira khungu la munthu, kunyezimira kwa nsalu ndi kuwala kwa pamalopo. Ichi n'chifukwa chake palibe mndandanda wa mitundu umene ungamalize nkhaniyi uli pa pepala. Pamafunika kuona ndi maso.

Kumene malangizowa anachokera

Johannes Itten, mphunzitsi wa zojambula pa sukulu ya Bauhaus ku Germany m'zaka za m'ma 1920, anaona kuti ophunzira ake ankakonda kujambula ndi mitundu yogwirizana ndi maonekedwe awo. Ku America, Suzanne Caygill anatenga maganizo ofanana nawo n'kuwagwiritsa ntchito pa zovala. Koma chimene chinafalitsa nkhaniyi padziko lonse ndi buku la Carole Jackson la mu 1980, Color Me Beautiful, limene linagawa anthu m'magulu anayi potsatira nyengo zinayi za kumaiko ozizira.

Kagawidweko kankadalira kwambiri mtundu wa tsitsi ndi wa maso: tsitsi lofiira, lachikasu, maso abuluu, obiriwira. Ife pafupifupi tonse tsitsi ndi lakuda, maso ndi abulawuni, choncho anthu akuda ambiri ankangoponyedwa m'gulu limodzi, la nyengo yozizira, ngati kuti onse ndi ofanana. Ngakhale kafukufuku wa posachedwa ali ndi malire omwewo. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland anapeza kuti anthu ambiri amasankhira buluu munthu wa khungu loyera kwambiri, ndipo olenji ndi kufiira amasankhira wa khungu lopsa ndi dzuwa. Izi zikusonyeza kuti maso a anthu amagwirizanadi pa nkhani ya mitundu yokhala munthu, koma nkhope zimene anayesera zinali za azimayi achizungu. Mfundo yake tingaitenge. Njira zoyesera ndizo tiyenera kuziyesa kaye pa khungu lathu.

Mitsempha: chifukwa chake imasocheretsa

Malangizo ake ndi awa: tembenuzani mkono masana, yang'anani mitsempha pafupi ndi chikhatho. Yabuluu kapena yapepo ndiye kuti khungu ndi lozizira, yobiriwira ndi lotentha, yosakanikirana ndi lapakati.

Tiyambe ndi mfundo yakuti magazi a m'mitsempha si abuluu. Ndi ofiira moderapo. Kafukufuku wa Alwin Kienle ndi anzake wa mu 1996 anafotokoza chimene chimachitika. Kuwala kofiira kumalowa m'khungu mozama, pomwe kwabuluu kumabwerera kusanapite patali. Pamene pali mtsempha, gawo lina la kuwala kofiira limamezedwa ndi magazi osabwereranso. Diso likayerekeza malowo ndi khungu lozungulira, limaona kuti pachepa kufiira, n'kunena kuti ndi pabuluu. Choncho mtundu umene tikuonawo umadalira kuzama kwa mtsempha, kukula kwake ndi khungu lozungulira. Mitsempha yozama ndi yosazama pa mkono umodzi womwewo ingathe kuoneka mosiyana.

Tsono wonjezeranipo melanini. Amakhala pamwamba pa mitsempha, ndipo amameza kuwala kwabuluu kuposa kofiira. Pa khungu loderapo, mtsempha umene ukanaoneka wabuluu umaoneka wobiriwira modera. Pa khungu lakuda kwambiri umangooneka ngati mzere wotukuka wa mtundu wa khungu lomwelo. Zotsatira zake n'zakuti njira imeneyi imauza pafupifupi munthu woderapo aliyense kuti khungu lake ndi lotentha, ndipo wakuda kwambiri siimuuza kanthu. Pamwamba pa zimenezo, m'kati mwa mkono simupsa ndi dzuwa ngati nkhope, pomwe chovala chimakakumana ndi nkhope, osati ndi mkono.

Kodi tiitaye? Kwa munthu woyera, kuphatikizapo abale athu achialubino, mitsempha imaoneka bwino ndipo ingapereke poyambira. Kwa ena tonse, ngati mitsempha ikuoneka yapepo momveka, chimenecho n'chizindikiro choyenera kuchisunga, chifukwa yaoneka choncho ngakhale melanini akuikankhira ku wobiriwira. Koma ikaoneka yobiriwira kapena osaoneka n'komwe, musagule nsalu potengera zimenezo.

Golide ndi siliva: njira yabwinoko, ikachitidwa bwino

Njira ya zitsulo ili ndi nzeru yake. Golide ndi wachikasu, siliva ndi wotuwa mopendekera ku buluu, choncho kuziyandikiza kunkhope kuli ngati kuyesa mitundu iwiri yotsutsana. Pa khungu lotentha golide amalowerera, nkhope imaoneka yosalala, pomwe siliva amaoneka ngati chinthu chongoikidwapo. Pa khungu lozizira siliva amawalitsa maso ndi mano, pomwe golide amatha kubweretsa chikasu cha munthu wodwala.

Anthu ambiri amalakwitsa pa kachitidwe. Ndolo ndi yaing'ono kwambiri moti singasinthe maonekedwe a nkhope. Mumangoona kukongola kwa ndoloyo. Pamafunika chinthu chachikulu ngati chikhatho kapena kuposa. Njira yosavuta ndi kupempha tizidutswa tiwiri ta nsalu yonyezimira, yagolide ndi yasiliva, kwa telala kapena kwa anthu okongoletsa malo a maukwati. Ziwirizo zikhale zonyezimira mofanana, chifukwa mukayerekeza golide wowala ndi siliva wothimbirira, wowalayo adzapambana nthawi zonse.

Palinso malire atatu. Oyamba ndi chizolowezi: amene wavala golide kuyambira ali mtsikana diso lake limavomereza golide, choncho ndi bwino pakhale wina woyang'ana nawo. Achiwiri ndi akuti pa khungu lakuda kwambiri zitsulo zonse ziwiri zimaoneka bwino, chifukwa chilichonse chonyezimira chimawala pamalo akuda. Zikatero yang'anani khungu la m'mbali mwa chitsulocho, osati chitsulocho. Achitatu ndi kusokoneza nkhani ziwiri zosiyana. Chibangili kapena mphete yotchipa ikasiya mzere wobiriwira pakhungu, ndiye kuti mkuwa wa m'kati mwake wakumana ndi thukuta. Ndolo ikayabwitsa khutu kapena kutulutsa tizilonda, kawirikawiri ndi chitsulo cha nikelo chimene thupi lanu silikuchifuna. Zimenezi sizikunena chilichonse za mtundu wapansi wa khungu.

Amene zonse ziwiri zikumukhala mofanana atayesa mosamala, mwachionekere khungu lake ndi lapakati. Anthu oterewa ndi ambiri, ndipo asadzikakamize kulowa m'gulu.

Kuyesa ndi nsalu

Chinthu choyamba ndi kuwala. Khalani pakhonde kapena pakhomo, pamthunzi, nkhope italoza kunja, m'mawa cha m'ma 8 mpaka 10 koloko kapena masana cha m'ma 3 koloko. Dzuwa la pamutu limagwetsa mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo la madzulo limafiiritsa chilichonse. Pewani khoma la penti wowala. Pa msika chenjerani ndi malona ndi mapepala apulasitiki ofolera mabenchi: pansi pa lona labuluu nsalu iliyonse ndi nkhope iliyonse zimasintha. Mababu nawonso amanama. Olembedwa 2700K kapena 3000K pa katoni amatulutsa kuwala kwachikasu, olembedwa 6500K amatulutsa kopendekera ku buluu. Foni nayo imadzikonzera yokha mitundu, ndipo mafoni ambiri amasalaza ndi kuyeretsa nkhope, choncho galasi ndi maso a mnzanu ndizo zodalirika.

Sambani kunkhope, dzolani mafuta a masiku onse pang'ono, dikirani mphindi 15 kuti khungu likhazikike. Musapake zophodaphoda. Ngati tsitsi lili ndi utoto kapena mwavala wigi, mangani duku losakhala ndi maluwa. Phimbani chovala chimene mwavala kuti chisalowerere.

Kenako yesani nsalu ziwiriziwiri za banja limodzi, ina yotentha ina yozizira. Kufiira kwa tomato kupikisane ndi kufiira kwa chidede. Chikasu cha dzungu chipikisane ndi chikasu cha ndimu. Wobiriwira wa m'kati mwa peyala apikisane ndi wobiriwira wa masamba a bulugamu. Kirimu apikisane ndi woyera mbee. Ikani imodzi pansi pa chibwano itaphimba mapewa, yachiwiri ili pansi pake, kenako chotsani yapamwambayo mwachangu. Kusintha kumaoneka pa kamphindi kochotsako, diso lisanazolowere.

Musayang'ane nsalu, yang'anani malo anayi pankhope. Pansi pa maso: mdima wachepa kapena wakula? Mozungulira pakamwa: paoneka potuwa kapena pofanana ndi masaya? Zipsera ndi madontho: zabisika kapena zatulukira? Maso ndi mano: zayera kapena zachita chikasu? Pomaliza tsinzinani, kenako tsegulani. Ngati choyamba kuoneka ndi nkhope, nsaluyo ndi yanu. Ngati choyamba ndi nsalu, ndiye kuti yakukulirani mphamvu.

Mukapeza mbali yanu, patsala mafunso awiri amene mitsempha ndi ndolo siziwayankha n'komwe. Loyamba: mukufunika mtundu wowala kwambiri kapena wofatsa? Lachiwiri: ukhale wakuya kapena wopepuka motani? Pa khungu lakuda mafunso awiriwa nthawi zambiri amalemera kuposa la kutentha ndi kuzizira. Mtundu umene umavutitsa anthu ambiri ndi woyandikana kwambiri ndi khungu lawo koma wothimbirira, monga khaki wotuwa kapena bulawuni wosuluka. Nkhope ndi chovala zimangosakanikirana, munthu n'kuzimiririka.

Tiyerekeze: achemwali awiri ndi chitenje cha chinkhoswe

Tiyerekeze kuti atsikana awiri a bere limodzi ku Chirimba akufuna nsalu yosoketsa ya chinkhoswe cha mchimwene wawo. Wamkulu ndi wakuda kwambiri, wamng'ono ndi woderapo.

Ayamba ndi mitsempha. Ya wamkulu sikuoneka. Ya wamng'ono ikuoneka yobiriwira, zimene sizikutsimikiza kanthu pa chifukwa chimene taona kale. Apita ku zitsulo. Pa wamkulu zonse zikuwala, koma pafupi ndi nsalu yagolide masaya akuoneka otuwa pang'ono, pomwe pafupi ndi yasiliva khungu likuoneka losalala ndi lakuya. Pa wamng'ono golide akulowerera bwino, siliva akumuchititsa mdima pansi pa maso. Apa ayamba kuganiza kuti wamkulu akupendekera kozizira, wamng'ono kotentha.

Ayesa nsalu. Kufiira kwa tomato pa wamkulu kukuonekera kokha, nkhope ikutsalira m'mbuyo. Kufiira kwa chidede kukuyeretsa maso. Woyera mbee akumukhala, kirimu akuoneka ngati nsalu yakuda ndi litsiro. Mboni ziwiri zagwirizana: ndi wozizira, ndipo amafuna mitundu yamphamvu. Pa wamng'ono zikuyenda mosiyana pang'ono. Kirimu ndi chikasu cha dzungu zikumukhaladi, koma olenji wowala akumutuwitsa mozungulira pakamwa.

"Achemwali, ndiye kuti siine wotentha?" akufunsa.

"Ndiwe wotentha, koma olenjiyu wakukulira. Tayesa uyu wa njerwa."

Wa njerwa akumukhala. Vuto silinali mbali, linali kuwala kwa mtunduwo. Wamng'ono ndi wotentha koma amafuna mitundu yofatsa.

Tsopano komiti ya banja yasankha kale chitenje chimodzi cha onse: pansi pake buluu wowala, maluwa ake achikasu cha dzungu ndi oyera. Ali kusitolo ku Limbe, apempha wogulitsa kuti atulutse nsaluyo pakhomo, wina aigwire, winayo aime patali mamita atatu. Chitenje chimaweruzidwa patali, chifukwa pafupi diso limakopeka ndi maluwa, pomwe patali pamatsala mtundu umodzi wolamulira. Pano wolamulira ndi buluu. Wamkulu wapeza mwayi: angathe kusoketsa diresi lonse, duku lomwe, n'kuvala ndolo zasiliva. Wamng'ono buluu ameneyu akumukulira mphamvu.

Njira yake ili kwa telala. Mtundu umene umakhudza nkhope ndi umene uli kuyambira pachifuwa kupita kumtunda, choncho apempha kuti podula, maluwa achikasu agwere pakhosi ndi pamapewa, buluu wambiri apite kumunsi. Khosi la diresi likhale lotseguka pang'ono kuti khungu lake lomwe lilekanitse nkhope ndi nsalu. M'mphepete mwa khosi aikemo mzere wa nsalu yopanda maluwa ya mtundu wa dzungu, yotambalala ngati zala ziwiri kapena zitatu. Duku alimange mwakuti mbali yachikasu ikhale pamphumi, ndipo ndolo ndi mkanda zikhale zagolide. Kudula kotsatira maluwa kumadya nsalu yambiri, choncho afunse telala asanagule kuti awonjezere yochuluka bwanji. Yunifolomu ndi imodzi, koma aliyense wayandikiza kunkhope mtundu wake.

Zimene zimasokoneza muyeso

Khungu louma limanamiza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira ndi chiperoni zafika mu Blantyre, khungu limatuwa mbuu, ndipo munthu angaganize kuti mitundu yonse yamukana kapena kuti khungu lake ndi lozizira. Kutuwako ndi kwa pamwamba, mafuta amakuchotsa. Yesani khungu litadzoledwa.

Mafuta oyeretsa khungu amasokoneza kwambiri. Ambiri amakhala ndi haidirokwinoni, mankhwala a siteroidi kapena mekyule. Siteroidi amapyapyalitsa khungu, timitsempha n'kuyamba kuonekera, masaya n'kufiira. Haidirokwinoni akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali angathe kusiya zigamba zakuda mopendekera ku buluu zimene zimavuta kuchoka. Nkhope imasanduka ya mtundu wina, khosi ndi zala za mtundu wina, ndipo palibe nsalu imene ingagwirizane ndi zonsezo. Amene wafika pamenepa akufunika thandizo la kuchipatala kuti asiye mafutawo bwinobwino, chifukwa kusiya siteroidi mwadzidzidzi kumabutsa zotupa.

Matenda nawo amasintha mtundu. Ngati m'maso mwachita chikasu, kapena m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera kuposa kale, imeneyo si nkhani ya zovala. Kungakhale kudwala chikasu kapena kuchepa kwa magazi, ndipo kofunika kupita ndi kuchipatala.

Pa kaunjika vuto limakhala pa nsalu. Chovala chimene chayenda ulendo wautali m'belo n'kukhala padzuwa pa msika chimasuluka, ndipo wakuda wosuluka kapena nevi wosuluka amatuwitsa nkhope ngakhale mtundu weniweniwo ukanakukhalani. Tembenuzani mpendero muyerekeze m'kati ndi kunja. Mukagula chitenje chatsopano, kumbukiraninso kuti kunyezimira kwa pamwamba kumachoka pochapa koyamba, choncho mtundu umene mudzakhale nawo ndi wofatsa kuposa umene mukuuona m'sitolo.

Pamene mtundu wasankhidwa kale

Zovala zambiri pa moyo wathu sitisankha tokha. Amayi a Mvano amavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ogwira ntchito ali ndi yunifolomu, makwaya ndi magulu a mpingo ali ndi nsalu zawo. Palibe amene angasiye zimenezi chifukwa cha mtundu wapansi wa khungu, ndipo sikofunika kutero. Woyera mbee amakhala anthu akuda ambiri chifukwa cha kusiyana kwake ndi khungu, bola nsaluyo ikhale yoyeradi ndipo nkhope ikhale yodzoledwa. Pamene malamulo a gulu akulola, ndolo, mkanda kapena juzi ndizo zimabweretsa mtundu wanu pafupi ndi nkhope.

Abambo nkhaniyi ikuwakhudza mofanana, mwinanso kuposa, chifukwa kolala imagundana ndi chibwano ndipo sapaka chilichonse chobisa. Buluku likhale la mtundu uliwonse. Shati ndi tayi ndizo zoyenera kuyesa. Wa khungu lozizira amapeza bwino mu shati yoyera mbee, yabuluu kapena yapepo wopepuka, ndi suti yanevi kapena yotuwa modera. Wa khungu lotentha amapeza bwino mu kirimu, wobiriwira wa asilikali ndi bulawuni wakuya kuposa khungu lake.

Pali mawu amene ambiri tinakula tikuwamva, akuti munthu wakuda asavale zofiira kapena zachikasu chifukwa zimamuwonjezera kuda. N'zoona kuti nsalu yowala imapangitsa khungu kuoneka lakuya, monga mmene Chevreul anafotokozera. Cholakwika ndi kuganiza kuti kumeneko ndi kuipa. Khungu lakuda ndilo limatha kusenza mitundu yamphamvu imene imameza nkhope zoyera, ndipo chovala chabwino sichiyezedwa ndi mmene chakuyeretserani, koma ndi mmene chasalazira nkhope ndi kuwalitsa maso. Palibe banja la mitundu limene ndi loletsedwa kwa munthu aliyense. Kufiira kulipo kwa tomato ndi kwa chidede, chikasu chilipo cha dzungu ndi cha ndimu, ndipo chimodzi mwa ziwirizo ndi chanu. Mukachipeza, pemphani telala akusungireni tizidutswa ta nsalu zimene zakukhalani, muzisokerere pamodzi n'kumayenda nazo m'chikwama. Pa msika, poyerekeza nsalu yatsopano ndi tizidutswato panja powala, mudzadziwa m'mphindi imodzi chimene mkono wanu sukanakuuzani.